Foni ikalira kuti ndalama yalowa, m'kope mulembedwe chiyani?

M'magolosale ambiri a ku Ndirande, ku Chinsapo kapena pa Jenda, wogula akatenga shuga ndi sopo sikuti nthawi zonse amapisa m'thumba. Amafunsa nambala, amadina pa foni yake, ndipo wogulitsa amadikira kuti yake ilire. Ikalira amayang'ana msangamsanga, amagwedeza mutu, wogula n'kumapita. Madzulo akamatseka amawerenga ndalama za m'kabati, koma za pa foni amangoziyang'ana kuti zilipo zingati basi. Pakutha pa mwezi amadabwa kuti malonda ankayenda ndithu, koma yokawodera katundu ikuperewera.

Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Mabanki nawo anatsegula njira zawo za pa foni, moti lero munthu mmodzi amatha kudina *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba ndi *626# ku National Bank tsiku limodzi lomwelo. Njira iliyonse imatumiza uthenga wake ndalama ikasuntha. Anthu ambiri amauona uthengawo ngati lisiti, ndipo salakwitsa. Koma mulu wa malisiti si kaundula wa ndalama. Uthenga umanena kuti K15,000 yalowa, koma sunena ngati ili ya malonda a lero, ya ngongole ya mwezi watha, kapena ya mlamu amene wangoti mumusungire. Chimenecho amachidziwa ndi mwini foni yekha, ndipo pakangodutsa masiku atatu nayenso amayamba kuchikayikira.

Zimene zili mu uthenga

Mauthengawa amabwera m'Chingerezi, koma safuna sukulu yambiri. Pafupifupi uliwonse umanena kuchuluka kwa ndalama, dzina kapena nambala ya munthu winayo, ndi nambala ya uthengawo imene imalembedwa kuti Trans ID kapena Ref. Ambiri amanenanso ndalama zotsala, pamene pamalembedwa kuti Bal kapena Balance. Tsiku ndi nthawi foni imaonetsa yokha. Mauthenga a ku banki amakonda kufupikitsa: Cr akutanthauza kuti ndalama yalowa mu akaunti, Dr akutanthauza kuti yatuluka.

Maso a munthu amathamangira pa kuchuluka kwa ndalama, chifukwa ndi chimene amachidikira. Koma kwa wolemba kope, chamtengo wapatali mu uthenga wonsewo ndi ndalama zotsala. Chifukwa chake n'chakuti nambala imeneyi imamangirira uthenga uliwonse ku unzake wam'mbuyo. Zotsala za mu uthenga wapitawo, ukaphatikiza zimene zalowa, kapena kuchotsa zimene zatuluka ndi zimene kampani yadula, ziyenera kufanana ndendende ndi zotsala za mu uthenga watsopano. Zikafanana, palibe chimene chadutsa mobisika. Zikasiyana ngakhale ndi K200, pakati pa mauthenga awiriwo pachitika kanthu kamene sikanalembedwe, ndipo wolembayo akudziwa kale maola amene ayenera kufufuza.

Ntchito yonse ya kope imagona pamenepa, ndipo safunika kuphunzira za maakaunti kuti aigwire. Chofunika ndi kope lachikuto cholimba, cholembera, lula, ndi mphindi zochepa madzulo alionse.

Thumba lililonse tsamba lake

Cholakwika choyamba chimene ambiri amachita ndi kulemba ndalama zonse pa tsamba limodzi. Zikatero palibe chowerengera chimene chingagwirizane, chifukwa ndalama za golosale kapena za pakhomo zimakhala m'matumba osiyana: za m'kabati, za pa Airtel Money, za pa Mpamba ngati ali ndi mizere iwiri, ndi za ku banki. Thumba lililonse lili ndi zotsala zake, choncho lifunika gawo lakelake m'kope. Ena amagawa kope limodzi pogwiritsa ntchito timapepala tomata m'mphepete, ena amagula makope ang'onoang'ono atatu. Zonsezo zimathandiza, bola za pa foni zisasakanikirane ndi za m'manja.

Pa tsamba lililonse pajambulidwe mizere yotsika yogawa malo asanu ndi awiri: tsiku, ndani ndi chifukwa chake, nambala ya uthenga, zolowa, zotuluka, zodulidwa, ndi zotsala. Malo a “ndani ndi chifukwa chake” akhale otakata kuposa onse, chifukwa m'menemo ndi m'mene mumalembedwa zimene foni sidziwa. Malo a zodulidwa ambiri amawaona ngati osafunika, n'kumangophatikiza ndalama yodulidwayo ku zotuluka. Kutero kumabisa chinthu chimene mwini bizinesi ayenera kuchiona poyera pakutha pa mwezi.

Nambala ya uthenga ndi yaitali, ndipo kuikopera yonse kumatopetsa mpaka munthu kusiya kulemba. Zilembo zinayi kapena zisanu zakumapeto zimakwana, chifukwa pamodzi ndi tsiku zimathandiza kuupeza uthengawo m'foni ukafunika. Zakumapeto osati zakumayambiriro, popeza pa Airtel Money nambalayi imayamba ndi zilembo zosonyeza mtundu wa zimene zachitika, kenako tsiku ndi nthawi, choncho mauthenga a tsiku limodzi amayamba mofanana. Pokhapokha ndalama ikakhala yaikulu, monga ya fizi, ya lendi kapena yowodera katundu, ndi bwino kuikopera yonse. Tsiku limene mwini nyumba adzanene kuti lendi sinafike, a kampani ya foni adzafunsa nambala imeneyo asanafunse china chilichonse.

Mzere woyamba pa tsamba si wa uthenga ayi. Wolemba amafunsa pa foni kuti pali ndalama zingati, n'kulemba kuti “zoyambira” ndi tsiku lake. Popanda mzere umenewu mizere ina yonse ilibe poyambira.

Tsiku limodzi m'golosale

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi golosale kutsogolo kwa nyumba yake. Ndalama zodulidwa zimene zili m'chitsanzochi n'zongoyerekeza, chifukwa zenizeni zimadalira kampani ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo makampani amazisintha. Wolemba kope amazitenga mu uthenga weniweniwo, osati m'mutu.

Lolemba m'mawa mayiyu ali ndi K48,500 pa foni, K30,000 m'kabati ndi K180,000 ku banki. Manambala atatuwa ali pamwamba pa masamba atatu.

Isanakwane 8 koloko, mnyamata wagula shuga ndi sopo za K6,200 ndipo walipira pa foni. Uthenga ukuti zotsala ndi K54,700. Mayi akuphatikiza K48,500 ndi K6,200, zikugwirizana. Akulemba kuti “malonda, shuga ndi sopo”, K6,200 pa zolowa, K54,700 pa zotsala.

Cha m'ma 9 koloko kwalowa K15,000 kuchokera ku dzina la bambo amene mayiyu sakumudziwa. Patapita kanthawi kwabwera foni: ndi mphunzitsi wamkazi wa pasukulu yapafupi amene anatenga katundu pa ngongole mwezi watha, ndipo watumiza kudzera pa nambala ya amuna awo. Apa ndi pamene kope limaposa foni. M'foni mudzakhala dzina la bamboyo mpaka kalekale, ndipo pakadzatha miyezi iwiri palibe adzakumbuke kuti linali la ndani. M'kope mukulembedwa kuti “aphunzitsi abweza ngongole, pa nambala ya amuna awo”. Kenako mayi akutsegula tsamba la angongole n'kuchotsa K15,000 pa dzina la aphunzitsiwo nthawi yomweyo. Akaiwala sitepe yachiwiriyi, mwezi wamawa adzakalonjerera munthu amene analipira kale, ndipo kasitomala wotere sabwereranso. Zotsala tsopano ndi K69,700. Ndalamayi yalowa lero, koma si malonda a lero, chifukwa katundu wake anachoka pa shelefu kalekale.

Masana asanafike magetsi atha, ndipo mayi akugula mayunitsi a ESCOM a K10,000. Zotsala zatsika kufika pa K59,700. Mita ndi imodzi, ya nyumba ndi golosale yomwe, choncho akulemba kuti “magetsi, theka nyumba theka golosale”. Kugawa kotereku sikungakhale kolondola mpaka pa tambala, koma kuli bwino kusiyana ndi kusenzetsa firiji ya golosale magetsi onse amene ana amaonera kanema. Uthenga wa mayunitsi uli ndi manambala 20 olowetsa pa mita, ndipo usafufutidwe mpaka mita itawalandira.

Itangopitirira 1 koloko akulipira K40,000 kwa wogulitsa katundu wa pikulitsa. Zotsala zikanakhala K19,700, koma uthenga ukuti K19,200. K500 ndi yodulidwa. Mauthenga ena amaitchula ndalama yodulidwayo poyera, ena saitchula, ndipo imangoonekera pa kusiyana kwa zotsala. Mayi akulemba K40,000 pa zotuluka ndi K500 pa malo akeake.

Ndalama yongosamuka

Chimene chachitika cha m'ma 3 koloko ndi chimene chimasokoneza makope ambiri. Poona kuti pa foni patsala zochepa, mayi akoka K50,000 ku banki kubweretsa pa foni. Foni yalira kawiri. Uthenga wa banki ukuti K50,000 yatuluka, wa kampani ya foni ukuti K50,000 yalowa. Munthu amene amalemba uthenga uliwonse monga waubwerera akhoza kuwerenga woyambawo ngati ndalama yogwiritsidwa ntchito, wachiwiriwo ngati phindu. Zonse ziwiri n'zabodza. Mayiyu sanalemere ndipo sanagule kanthu, wangochotsa ndalama m'thumba lakumanzere kuika lakumanja.

Ndalama yotereyi imalembedwa kawiri, pa masamba awiri, ndipo pa mizere yonse iwiri pamaikidwa chizindikiro chimodzi, kaya chilembo S choimira kusamutsa kapena kuzunguliza ndi cholembera chofiira. Pa tsamba la foni: zolowa K50,000, zotsala K69,200, S. Pa tsamba la banki: zotuluka K50,000, S. Uthenga wa banki ukuonetsa K129,400 m'malo mwa K130,000, kusonyeza kuti banki yadula K600. Pa zonse zimene zachitikazi, K600 yokhayo ndi imene yachoka m'manja mwa mayiyu.

Lamulo lake ndi losavuta kulikumbukira: mzere uliwonse wa S uli ndi mnzake pa tsamba lina, wa ndalama yofanana. Ukapezeka uli wokha, pali polakwika.

Chimodzimodzinso madzulo, pamene mayi watuma mwana wake wamkulu kwa ejenti kukatapa K20,000 yoti ikhale ya chenji ndi yolipira wobweretsa buledi m'mawa. Uthenga ukuti zotsala ndi K48,300. Kuchotsa K20,000 pa K69,200 kumasiya K49,200, choncho yodulidwa ndi K900. Pa tsamba la foni K20,000 yatuluka ndi chizindikiro cha S, ndipo pa tsamba la m'kabati iyenera kulowa ndi chizindikiro chomwecho. Malo amenewa ndi amene ndalama zambiri za m'mabanja zimasowera. Foni imachitira umboni kuti ndalama inatapidwa, koma ikangokhala ya pepala palibenso uthenga umene umaitsatira. Wotumidwa akagulako chimanga chootcha panjira n'kubweretsa K19,500, tsamba la m'kabati ndi lokhalo lingaonetse.

Pamene manambala akana

Golosale itatsala pang'ono kutsekedwa, wogula womaliza walipira K3,500 pa foni. Mayi akuphatikiza K48,300 ndi K3,500 n'kupeza K51,800. Uthenga ukuti K50,300. Pasowa K1,500.

Wosalemba kope sakanaiona n'komwe. Wolemba akudziwa kuti yachoka pakati pa uthenga wa kwa ejenti ndi uwu womalizawu, nthawi yosakwana ola limodzi, ndipo nthawi imeneyo foni inali m'manja mwa mwana. Akudina nambala ya kampani n'kusankha poonetsa zimene zachitika posachedwa, ndipo apeza kuti panagulidwa bandulo ya K1,500. Uthenga wake mwina unafufutidwa, mwinanso unalowa pa mndandanda wina, chifukwa mauthenga a bandulo ndi a mayunitsi oimbira nthawi zina amabwera ndi dzina losiyana ndi la mauthenga a ndalama. Mayi akuwonjezera mzere: “bandulo ya mwana, za pakhomo”, K1,500. Tsamba lagwirizana. Nkhani yotsala ndi ya nambala yachinsinsi imene mwanayo anapatsidwa kuti akatapire ndalama, ndipo yofunika kuisintha usiku womwewo.

Kufufuzaku kumatheka chifukwa kwachitika tsiku lomwelo. Mndandanda wa pa foni umangoonetsa zochitika zochepa zomalizira, ndipo m'golosale yotanganidwa zimenezo zimakankhidwa ndi zatsopano pofika mawa masana. Amene amadikira Loweruka kuti alembe za sabata yonse amapeza kusiyana, koma njira yokutsatira imakhala itafufutika kale, kupatula atakapempha chikalata chonse cha zochitika ku kampani.

Chimene wolemba sayenera kuchita ndi kusintha nambala kuti zigwirizane mokakamiza. Ngati wafufuza osapeza, alembe mzere wakewake wakuti “zosadziwika, K1,500”, n'kupitiriza ndi zotsala zenizeni za mu uthenga. Mzere wotere ukapezeka kamodzi pa mwezi si nkhani. Ukamapezeka Lachisanu lililonse, kapena tsiku lililonse limene munthu wakutiwakuti wakhala pa kauntala, kope layamba kuyankhula.

Tsopano tiyang'ane tsiku lonse. Wongowerenga mauthenga akuti “mwalandira” apeza K6,200, K15,000, K50,000 ndi K3,500, zonse pamodzi K74,700, ndipo agona akuganiza kuti pa foni payenda malonda amphamvu. Kope likunena zina. Malonda a lero olipiridwa pa foni ndi K9,700 yokha. K15,000 ndi ngongole yakale, K50,000 ndi ndalama yake yomwe. Ndipo zodulidwa za tsikuli, K500, K600 ndi K900, zakwana K2,000. Ndalama imeneyi ndi yaikulu kwa munthu amene amapindula pang'ono pa paketi iliyonse ya shuga. Ataiona italembedwa, mayi akhoza kudzifunsa chifukwa chimene anakokera K50,000 ku banki n'kutapanso K20,000 kwa ejenti madzulo omwewo, kudulidwa kawiri pa ndalama imodzi, pamene m'kabati munali kale ndalama za malonda a tsikulo. Funso limeneli silibwera kwa amene zodulidwa amazimiza m'kati mwa zotuluka.

Uthenga wabodza, wochedwa ndi wobwerezedwa

Palibe Mmalawi wa foni amene sanalandirepo uthenga wakuti “ndalama ija mutumize pa nambala iyi”. Umenewo ambiri anauzolowera. Woopsa kwa wamalonda ndi wina, wokopedwa mwaluso kuti uoneke ngati wa kampani, wonena kuti walandira ndalama. Wakubayo amatenga uthenga weniweni, amasintha dzina ndi kuchuluka kwa ndalama, n'kuutumiza kuchokera pa foni yake. Kenako amanyamula katundu, kapena amaimba modandaula kuti watumiza molakwitsa, mumubwezere.

Chizindikiro choyamba ndi kumene uthengawo wachokera. Weniweni umabwera ndi dzina la kampani ndipo umagwera pansi pa anzake akale, pamene wabodza kawirikawiri umachokera ku nambala wamba yoyamba ndi 09 kapena 08. Koma wa kope ali ndi chida china chimene wakubayo sangachigonjetse msanga: wakubayo sadziwa kuti pa foni pali ndalama zingati. Zotsala zimene walemba mu uthenga wake n'zongopeka, kapena wazisiya dala. Mayi amene mzere wake womaliza ukuti K50,300 akalandira uthenga wa K25,000 wonena kuti zotsala ndi K31,000, adziwa asanatsegule pakamwa kuti pali chinyengo. Ngakhale zili choncho, pa ndalama yaikulu chitsimikizo ndi kudina yekha nambala ya kampani pa foni yake n'kuona zotsala. Chithunzi cha uthenga chimene wogula akuonetsa pa foni yake sichilembedwa m'kope. Ndipo ndalama yotumizidwa molakwikadi ili ndi njira yake: wotumizayo adandaule ku kampani kuti iibweze, osati wolandira aitumize ku nambala imene wauzidwa pa foni.

Si kusagwirizana kulikonse kumene kuli kuba. Netiweki ikavuta, uthenga umatha kufika patapita maola, kapena iwiri kufika mosemphana, wam'mbuyo kutsogola. Zotsala ndi zimene zimathandiza kuisanja bwino, chifukwa pali dongosolo limodzi lokha limene manambala amagwirizana. Nthawi zina uthenga umodzi umafika kawiri. Apa nambala ya uthenga imagwira ntchito yake: ikakhala yofanana, ndalama inayenda kamodzi, ndipo ilembedwe kamodzi. Ikasiyana, wogula anadina kawiri ndipo walipiradi kawiri, ayenera kubwezeredwa.

Palinso ndalama yokakamira panjira, makamaka pakati pa banki ndi foni kapena pakati pa makampani awiri. Banki imanena kuti yatuluka, koma pa foni sifika. Mzere wa S umakhala wopanda mnzake. Wolemba aulembe pa tsamba la banki monga mwa masiku onse, aike funso pambali pake, akopere nambala yonse ya uthenga, ndipo asaufufute mzerewo ndalamayo ikadzabwezedwa. Kubwezako kulembedwe pa mzere watsopano, ndi tsiku lake, n'kuonanso ngati yodulidwa ija yabwerera limodzi.

Tsamba la banki lili ndi khalidwe lake

Pa foni, pafupifupi chilichonse chimabwera ndi uthenga. Ku banki sizili choncho nthawi zonse. Ndalama zosamalira akaunti pamwezi, zolipirira mauthenga omwewo, ndi zina zing'onozing'ono zimatha kudulidwa mwakachetechete, n'kudzaonekera pa zotsala za uthenga wotsatira. Choncho kusiyana kwa pa tsamba la banki kumayambiriro kapena kumapeto kwa mwezi kusathamangitse munthu magazi. Afunse mndandanda waufupi pa foni kapena pa makina otapira ndalama, alembe chodulidwa chilichonse ndi dzina lake, ndipo ngati dzinalo sakulimvetsa akafunse ku nthambi atanyamula kope.

Mabanki ena amaonetsa zotsala ziwiri: zonse zimene zili mu akaunti, ndi zimene munthu angathe kutapa panthawiyo. Zimasiyana ngati pali ndalama yolowa imene sinapse kapena ndalama imene banki imafuna kuti izitsalamo. Wolemba asankhe imodzi n'kuitsatira nthawi zonse. Kudumphadumpha pakati pa ziwirizi kumabala kusiyana kumene kulibe.

Za pakhomo

M'banja lopanda golosale masamba ndi omwewo, kungoti malo a chifukwa amadzaza ndi zina: malipiro, lendi, fizi, madzi, chigayo, za kumudzi, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, masheya a banki m'khonde. Mitu isachuluke kwambiri. Isanu kapena isanu ndi umodzi ndi imene munthu wotopa angaitsatire madzulo alionse, ndipo pakutha pa mwezi amangophatikiza mizere ya mutu uliwonse, kusiya yonse ya S.

Chovuta kwambiri pakhomo ndi ndalama za eni. Mchimwene ali ku Joni watumiza K200,000 kudzera ku Mukuru kapena njira ina, yafikira pa foni ya mlongo wake, koma ndi ya malata a nyumba ya amayi kumudzi. Msungichuma wa chipereganyu kapena wa komiti ya maliro amalandiranso ndalama za anthu pa nambala yake yomwe amagulira ndiwo. Foni imaziphatikiza zonse kukhala nambala imodzi yokongola, ndipo munthu amayamba kudya za eni osadziwa. M'kope ndalama yotereyi ilembedwe kuti “yosunga” ndi dzina la mwini wake, ndipo ikhalenso ndi tsamba lake kumapeto, loonetsa zimene zinalowa, zimene zatuluka ndi zodulidwa potapa. Zodulidwazo zimayambitsa mikangano yambiri pa abale, chifukwa wotumiza amawerenga K200,000 yathunthu pamene wolandira anaitapa yoperewera. Mzere umodzi wokhala ndi tsiku ndi nambala ya uthenga umathetsa nkhani imene ikanafika kwa ankhoswe kapena kwa amalume.

Ngongole za pa foni nazo zimanyenga chimodzimodzi. Ikalowa, uthenga umaoneka ngati wa ndalama ina iliyonse yolandira. Ilembedwe kuti “ngongole”, pamodzi ndi ndalama yonse yodzabweza ndi tsiku lake, chifukwa zina zimadzidula zokha ndalama ikangolowa, ndipo wosalemba amangoona kuti kasitomala watumiza K10,000 koma zotsala sizinakwere.

Kope limeneli lili ndi mayina a anthu, ngongole zawo ndi ndalama zimene banja lili nazo, choncho malo ake si pa kauntala pamene aliyense angalitsegule. Nambala yachinsinsi isalembedwemo, ngakhale pa chikuto chakumbuyo, ngakhale mozondotsa. Amene ali ndi kafoni ka mabatani amadziwa kuti malo a mauthenga amadzaza msanga ndipo atsopano amaleka kulowa mpaka ena atafufutidwa. Kufufutako kuchitike mizere italembedwa ndi kugwirizana, kuyambira ndi mauthenga a ndalama zing'onozing'ono. A lendi, a fizi, a katundu wowoda ndi a ndalama za eni asungidwe mpaka winayo atavomera kuti walandira, ndipo nambala zake zonse zikhale zitakopedwa kale m'kope, popeza foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, nambala ya foni ndi ndalama zake kampani imabwezeretsa pa khadi latsopano, koma mauthenga akale sabwerera nalo.